Funso 3: Pampu ya mayi wa ku Chonde (malikisi 25, mphindi 45)

Werengani nkhaniyi kawiri musanayambe kulemba, ambiri mumathamangira kuti mayi abwezeredwe ndalama basi osaona madeti.

Mayi wina amalima tomato ndi kabichi ku Chonde, Mulanje, munda wake uli pamtunda kuchokera ku mtsinje wa Thuchila. Pa 4 Juni anapita ku shopu ina ya zipangizo za ulimi ku Luchenza nkuuza mwini shopuyo kuti "achimwene ine zamakina sindizidziwa, ndikufuna pampu yokweza madzi kufika kumunda kwanga, ndi mamita 200 komanso nkokwera." Iye anangoloza pampu ina ya petulo nkuti "mayi tengani iyi simudandaula," analipira K850,000 kashi ndipo palisiti panali sitampa yoti katundu akatuluka sabwezedwa. Bokosi linali lotsegula, mayi anasuzumiramo nkuona kuti chogwirira ndi chosweka koma anangoti zilibe kanthu.

Tsiku loyamba lomwelo madzi anangofika theka la mtunda, kenako sabata yachiwiri injini inayamba kutentha nkumazima yokha. Mayi sanaimbe foni kushopu ayi, anaitana makaniko wa pamsika yemwe anamasula injini nkupeza kuti mkati inali yong'aluka kuchokera kufakitale, anamatamata nkumuuza kuti azigwiritsabe ntchito, ndiye anapitiriza kuthirira movutikira choncho mpaka pa 20 Ogasiti pomwe pampu inaferatu, tomato yense kuuma. Pa 22 Ogasiti anakaitula kushopu akufuna ndalama zake zonse, mwini shopu akukana, akuti mayi anaiona yekha, anaipereka kwa makaniko, ndipo lisiti likunena poyera.

Pogwiritsa ntchito Sale of Goods Act (Cap. 48:01), alangizeni mayiwa:

(a) Kodi mwini shopu anaphwanya mfundo yosalembedwa yoti katundu akhale woyenera ntchito imene wogula waitchula? Onetsani ngati mayi anadaliradi luso ndi nzeru za wogulitsa, milandu ya Priest v Last (1903) ndi Grant v Australian Knitting Mills (1936) ikuthandizani. (malikisi 8)

(b) Nanga mfundo yoti katundu akhale wabwino woti nkugulitsika? Kusuzumira kuja kukuwalanda chani, musiyanitse chogwirira chomwe anachiona ndi mng'alu wamkati womwe maso sakanauona. (malikisi 5)

(c) Pofika pa 22 Ogasiti anali akadali ndi ufulu wokana pampuyo, kapena lamulo liwatenga kuti anailandira kale? Apa mpomwe pagona nkhani, kambani za nthawi yomwe anakhala nayo osadandaula komanso zomwe anachita makaniko uja, muyerekeze ndi Bernstein v Pamson Motors (1987). (malikisi 8)

(d) Sitampa ya palisiti ili ndi mphamvu yanji, ndipo ngati ufulu wokana unatha angapeze chipukuta misozi chanji, tomato uja alowamo? (malikisi 4)

Kungokopera lamulo osaligwirizanitsa ndi nkhaniyi kulibe malikisi, ndipo mulembe mbali zonse ziwiri, mwini shopu nayenso ali ndi poima.