Nyumba ya Alendo ya ku Kalongwezi, Chipata: Malo Ogona Abata

Ndife nyumba ya alendo yaing'ono ya zipinda zisanu ndi ziwiri ku Kalongwezi mu mzinda wa Chipata, likulu la Chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia. Timalandira anthu ofuna malo ogona aukhondo ndi abata, makamaka iwo amene ali paulendo wa pakati pa Lusaka ndi Lilongwe, opita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa, obwera kudzagwira ntchito za boma kapena za mabungwe, komanso mabanja amene ali ndi wodwala ku Chipata Central Hospital. Nyumbayi ndi ya banja ndipo eniake timakhala pabwalo lomweli, choncho mlendo akakhala ndi vuto usiku salankhula ndi mlonda yekha, koma amatipeza ifeyo.

Chipinda chilichonse chili ndi bafa ndi chimbudzi chakechake, neti yoteteza ku udzudzu, fani, tebulo lolemberapo ndi soketi pafupi ndi bedi. Zipinda zinayi zili ndi bedi lalikulu la anthu awiri, ziwiri zili ndi mabedi awiriawiri osiyana, ndipo chimodzi ndi cha banja, momwe mumagona makolo ndi ana atatu popanda kupanikizana. Mtengo wa usiku umodzi ndi K450 pa chipinda cha bedi limodzi, K550 pa cha mabedi awiri ndi K800 pa cha banja, ndipo mitengo yonseyi ikuphatikiza chakudya cham'mawa. Zofunda timachapa mlendo aliyense akachoka, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya m'mapiri ozungulira Chipata imalowa m'mafupa, timaonjezera bulangete lachiwiri popanda kuyembekezera kuti mupemphe. Makina oziziritsa mpweya tilibe. Tikunena izi poyera kuti obwera mu Okutobala, kutentha kukafika pachimake, adziwiretu kuti adzadalira fani ndi mthunzi wa mitengo ya mango imene ili pabwalo.

Funso limene alendo ambiri amayamba kufunsa pafoni ndi la magetsi ndi madzi. Tili ndi sola yokhala ndi mabatire, imene imayatsa nyale, mafani, masoketi ndi intaneti magetsi akathima, ngakhale kuti siyendetsa ketulo kapena simbi. Madzi timatunga pa chitsime chathu chokumbidwa ndi makina n'kuwasunga m'matanki awiri, ndipo otentha osamba amachokera ku giza ya dzuwa ili padenga. Kukachita mitambo masiku otsatizana m'nyengo ya dzinja, gizayo imafooka, ndiye timatenthetsa madzi pa mbaula n'kukubweretserani m'ndowa pakhomo pa chipinda pa nthawi imene mwatiuza usiku wake.

Chakudya cham'mawa chimayamba 06:30 mpaka 09:00, ndipo chimakhala tiyi kapena khofi, buledi, mazira, ndi phala lothira nsinjiro kapena kandolo wophika malinga ndi nyengo. Popeza mabasi ambiri opita ku Lusaka amanyamuka mbandakucha, ndipo ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa Great East umadya tsiku, wonyamuka kusanache timamukonzera kamba madzulo ndi kumuitanira takisi yomufikitsa pa siteshoni. Chakudya chamadzulo timaphika pokhapokha mlendo akaitanitsa isanakwane 15:00, chifukwa ndiwo timakagula tsiku lomwelo ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market. Nthawi zambiri imakhala nsima ya nkhuku ya kumudzi, nsomba kapena nyemba, pamodzi ndi chiwawa chotendera nshawa, ndiwo imene alendo ochokera kutali amaifunsanso tsiku lotsatira. Ofuna kudziphikira ali ndi khitchini yaing'ono ya alendo, yokhala ndi mapoto, mbale ndi firiji, ndipo imathandiza kwambiri mabanja amene amapititsa chakudya kwa wodwala kuchipatala m'mawa ndi madzulo.

Mowa sitigulitsa, bala tilibe, ndipo sitichititsa maphwando kapena kubwereketsa zipinda kwa maola ochepa. Timapempha kuti phokoso lithe ikakwana 22:00. Tikudziwa kuti lamuloli limatitayitsa makasitomala ena, koma ndi lomwenso limachititsa kuti woyendetsa galimoto amene wakhala pa chiwongolero kuchokera ku Luangwa Bridge agone tulo tokwanira. Geti timatseka 23:00, komabe wofika mochedwa chifukwa cha basi kapena mzere wa pa malire amatsegulidwa ngati watidziwitsa. Mkati mwa mpanda muli malo oimikapo magalimoto asanu, ndipo mlonda amakhalapo usiku wonse.

Kuchokera kuno kupita pa chipata cha Mwami, polowera m'dziko la Malawi kudzera ku Mchinji, ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola pagalimoto, moti mlendo wonyamuka atadya chakudya cham'mawa amatha kufika ku Lilongwe masana ngati pa malire sipanachuluke anthu. Ku Mfuwe, komwe kuli khomo lolowera m'nkhalango ya South Luangwa, ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa tala. Opita ku Lundazi, Chadiza kapena Katete nawonso amagona kuno kuti alawirire. Pakati pa tauni, kumene kuli mabanki, masitolo akuluakulu ndi maofesi a boma, mutha kufikako ndi takisi kapena njinga zonyamula anthu m'mphindi zochepa, ndipo okonda kuyenda pansi m'mawa tingawalozere njira yokwera phiri la Kanjala, pomwe mzinda wonse umaoneka pansi.

Pali nthawi ziwiri pachaka zimene zipinda zimatha msanga. Yoyamba ndi sabata ya Nc'wala, mwambo wa Angoni umene umachitikira ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale motsogozedwa ndi Inkosi ya Makosi Mpezeni. Yachiwiri ndi kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambiki amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Malo ogona a ku Katete akadzaza, ambiri amabwerera kudzagona kuno ku Chipata. Ofuna malo m'masabata amenewa asungitse kutatsala mwezi, ndipo timapempha theka la mtengo ngati chikole. Mitengo yathu sitikweza chifukwa cha miyamboyi.

Kulowa m'chipinda kumayamba 13:00 ndipo kutuluka ndi 10:00, koma katundu tingakusungireni mpaka madzulo popanda malipiro. Timalandira ndalama zapamanja za kwacha ya Zambia, Airtel Money ndi MTN MoMo, ndipo timapereka lisiti yodinda kwa onse, kuphatikizapo amene ayenera kukaionetsa ku ofesi kwawo. Makhadi a kubanki sitilandira pakadali pano. Timalankhula Chichewa, Chinsenga ndi Chingerezi.

Potifunafuna pa Google Maps, lembani `guest house Kalongwezi Chipata`, ndipo chizindikiro chathu pa mapu chaikidwa pa geti penipeni, osati pamphambano. Mukapatuka pa msewu wa tala mudzayenda kamtunda kochepa pa msewu wa dothi umene galimoto yaing'ono imadutsa ngakhale nthawi ya mvula, ndipo mudzaona mpanda wa njerwa zootcha, geti lobiriwira ndi chikwangwani chounikiridwa ndi nyale usiku. Kuti musungitse chipinda, dinani batani loimbira foni lili pansi pa dzina lathu pakati pa 06:00 ndi 21:00, kapena tumizani uthenga wa WhatsApp pa nambala yomweyo wonena tsiku lofika, chiwerengero cha anthu ndi nthawi imene mukuyembekezera kulowa mu Chipata. Wosintha maganizo atidziwitse kutatsala masiku awiri, ndipo chikole chake chidzabwezedwa chonse.