Pempho la masabata atatu okonzera paipilayini

Lilongwe, 4 Ogasiti 2025

Kwa Mkulu wa kampani ndi Mkulu wa zachuma

Mayi ndi Bambo,

Ndikupempha kuti mulole ine ndi mnzanga mmodzi tiyambe tasiya ntchito zatsopano kwa masabata atatu, kuyambira pa 11 mpaka pa 29 Ogasiti, kuti tikonze paipilayini yathu. Mukavomera, gawo la malipoti a ngongole lomwe tinalonjeza makasitomala pa 1 Seputembala lidzatuluka pa 22 Seputembala. Ndayamba ndi mtengo wakewo dala, kuti musaupeze utabisala kumapeto kwa kalata.

Paipilayini ndi njira yomwe khodi iliyonse imadutsamo isanafike kwa kasitomala. Munthu akamaliza kulemba gawo lake, seva ya Jenkins ili m'kachipinda kakumbuyo ija imatenga khodiyo, kuimanga kukhala pulogalamu, kuiyesa, kenako kuilongedza. Zikayenda pamayaka zobiriwira, zikalakwika pamayaka zofiira. Chaka chatha ulendo wonsewu unkatenga mphindi 14. Lero ukutenga mphindi 52, ndipo sevayo imagwira ntchito imodzi pa nthawi, choncho anthu 6 tonse timaima pamzere umodzi ngati kuchigayo.

Koma kuchedwako tikanapirira. Chomwe chandilembetsa kalatayi ndi zimene zinachitika Lachisanu pa 25 Julayi.

Tsiku limenelo kasitomala wina anatiimbira cha m'ma 2 koloko masana kuti malisiti ake akutuluka opanda dzina la nthambi. Kukonza kwake kunali mzere umodzi wokha, ndipo pofika 2:20 tinali titamaliza. Paipilayini inafiira. Tinadina batani loyambitsanso, inafiiranso, koma pa mayeso ena osati oyamba aja. Ulendo wachitatu magetsi anathima ntchito ili pakati, batire la seva silinapirire mpaka jenereta italira. Wachinayi disiki inadzaza. Zobiriwira zinayaka nthawi itapitirira 7 koloko usiku, mlonda atabwera kale kawiri kudzafunsa ngati atseke geti. Mtsikana wathu watsopano uja, amene amakhala ku Area 25, anasowa minibasi ndipo anakwera kabaza wa njinga yamoto mumdima, laputopu ya kampani ili kumsana.

M'kufiira koyamba kuja munali chenjezo lenileni. Mayeso amodzi anali atagwira cholakwika pa kawerengedwe ka chiwongoladzanja, chomwe chinalowa ndi ntchito ya tsiku lapitalo. Palibe anawawerenga. Tonse tinangoti "ayamba misala yake ija," n'kudinanso. Ulendo wotsatira mayeso omwewo anadutsa mwangozi chifukwa anapeza manambala otsala a mayeso ena mu detabesi. Cholakwikacho chinafika kwa makasitomala, ndipo Lolemba m'mawa ngongole 312 zinali ndi chiwongoladzanja chosiyana ndi matambala angapo. Munaona nokha masiku awiri amene tinataya pobweza ndi kupepesa. Amene anadina batani lija kachiwiri ndine, ndipo sindikuloza chala aliyense. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndawerenga zolembedwa za Jenkins za mwezi wonse wa Julayi. Paipilayini inayenda ka 214, inafiira ka 71. Mwa 71 imeneyo, maulendo 49 anadutsa titangoyambitsanso osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Maulendo 49 a mphindi 52 ndi maola oposa 42, sabata yathunthu ya munthu mmodzi. Choopsa kuposa maolawo n'chakuti pa kufiira kutatu kulikonse, kuwiri n'kwabodza, ndiye anthu anasiya kukhulupirira. Alamu ya galimoto yolira usiku uliwonse, mwini wake sadzukanso.

Magwero ake tikuwadziwa, ndipo ambiri ndi zinthu zomwe tinaziika "mongoyembekezera" mu 2022 tili anthu awiri okha.

Pa mphindi 52 zija, 19 zimathera kukopera pa intaneti tizipangizo tomwe pulogalamu yathu imadalira. Ulendo uliwonse seva imayamba ngati sinationepo, n'kutikoperanso tonse, pa intaneti yomweyo imene ofesi yonse ikugwiritsa ntchito. Ikadukiza pang'ono, paipilayini yafiira. Mankhwala ake ndi kukhala ndi nkhokwe yathuyathu muno mu ofesi, pogwiritsa ntchito Nexus Repository, kuti chinthu chikakoperedwa kamodzi chizikhala pompano. Mphindi 8 ndi zomanga pulogalamu, ndipo Gradle, chida chomwe timamangira pulogalamuyo, ili nayo kale njira yosungira zomwe sizinasinthe, kungoti sitinaitsegule. Mu `gradle.properties` mumafunika mizere iyi:

```
org.gradle.caching=true
org.gradle.parallel=true
```

Mwina mufunsa kuti ngati ndi mizere iwiri yokha, masabata atatu ndi a chiyani. Tinayesapo mu Meyi, zinthu zinaphwasuka, tinabweza tsiku lomwelo. Ntchito yeniyeni ili pa mayeso, omwe amadya mphindi 21. Tili nawo 1,140 ndipo onse amalemba mu detabesi imodzi ya PostgreSQL. Ena amasiya zinyalala zomwe anzawo amapunthwapo, ena amadutsa pokhapokha anzawo atayamba ayenda. Kuwathamangitsa limodzi asanalekanitsidwe n'kungochulukitsa chisokonezo. Tiyenera kuwapatsa detabesi yoyera ulendo uliwonse, kenako kutsata mmodzimmodzi mayeso 37 omwe ndawapeza kuti ndi osakhazikika. Ena mwa iwo ndi oseketsa ndithu: seva imayendera nthawi ya UTC pomwe ife tili patsogolo ndi maola awiri, choncho pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku mayeso a "tsiku la lero" sagwirizana kuti lero ndi liti. Tinawatulukira chifukwa mnzathu wina amakonda kugwira ntchito anthu atagona.

Zotsalazo n'zazing'ono. Tizilemba `postgres:16` m'malo mwa `postgres:latest` kuti detabesi isamasinthe yokha tisakudziwa, ndipo zithunzi zakale za Docker, zomwe ndi makope a mapulogalamu omwe seva imasunga pa disiki, zizichotsedwa usiku uliwonse disiki isanadzaze.

Sabata yoyamba tidzagwira za nkhokwe ndi disiki, ndipo phindu lake lidzaoneka nthawi yomweyo. Masabata awiri enawo ndi a mayeso. Anzathu anayi otsalawo adzapitiriza ntchito zawo, ndipo kasitomala akakhala ndi vuto ladzidzidzi ndidzasiya zonse n'kuthandiza. Chomwe ndikukana ndi chija tinayesa kawiri, chakuti "muzikonza mukapeza mpata." Mpatawo supezeka, ndipo ntchito yolekanitsa mayeso ukaisiya pakati imaipa kuposa poyamba.

Bambo a zachuma, kwa inu ndikupempha zinthu ziwiri: disiki ya SSD ya 1 TB ndi batire latsopano la seva. Makoteshoni atatu ndawapereka kale ku ofesi yanu. Sindikupempha kusamutsira ntchitoyi ku maseva obwereka akunja. Ndinaganizirapo, koma amalipiritsa m'madola mwezi ndi mwezi, ndipo mukudziwa bwino kuposa ine mmene ndalama zakunja zikuvutira. Komanso mayeso osakhazikika tikanangosamuka nawo.

Pa 29 Ogasiti mudzatiyeze ndi zinthu ziwiri: paipilayini izitha pasanakwane mphindi 15, ndipo pa maulendo 100 kufiira kwabodza kusapitirire kawiri. Lachisanu lililonse ndizikutumizirani manambala a sabatayo. Ngati pakutha pa sabata yachiwiri sitinatsike pansi pa mphindi 30, ndidzabwera ndekha kudzakuuzani kuti tiunikenso.

Makasitomala awiri omwe akudikira malipoti aja ayenera kumva za tsiku latsopanoli msanga, ndipo ndili wokonzeka kupita nanu kukawafotokozera. Ndingathokoze mutandiyankha pofika Lachinayi pa 7 Ogasiti, kuti Lachisanu tigawane ntchito.

Ine wanu,
Mtsogoleri wa gulu lolemba mapulogalamu