Kalata yofotokoza mtengo wa kabati

Kamuzu Road,
Salima.

Okondedwa Mayi,

Ndalandira uthenga wanu wodandaula kuti mtengo wa kabati wakwera kwambiri pamene inu mwangowonjezera masentimita ochepa pa miyeso yomwe tinagwirizana poyamba. Dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikulembereni mawerengedwe onse kuti muwaone nokha.

Ine sinditchula mtengo poyang'ana msinkhu wa kabati wokha. Ndimayeza thabwa lililonse lomwe lilowe m'kabatimo, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, kenaka ndimaphatikiza zonse kuti ndipeze masikweya mita. Sikweya mita imodzi ndimawerengera K60,000, ndipo m'ndalama imeneyi muli matabwa, guluu, misomali, sandipepa, vanishi ndi thukuta langa.

Kabati yoyamba ija inali ya masentimita 180 msinkhu, 90 mulifupi ndi 45 kulowa m'kati. Zitseko ndi kumbuyo zinakwana masikweya mita 3.24, mbali ziwiri 1.62, pamwamba ndi pansi 0.81, mashelufu atatu 1.22. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 6.9, ndiye chifukwa chake ndinakuuzani K414,000.

Tsopano mwapempha kuti mulifupi mukhale 120, kulowa m'kati 60, msinkhu womwewo. Poona pa tepi, masentimita 30 uku ndi 15 uko amaoneka ngati kanthu kochepa, koma kabati ikakula mbali ziwiri nthawi imodzi, palibe thabwa lomwe limatsala pa muyeso wake wakale. Shelufu imodzi yokha ikuchoka pa masikweya mita 0.41 kufika pa 0.72, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Kabati yonse ikukwana 10.1, mtengo wake K606,000. Mahinjesi, zogwirira ndi loko zikadali pa K30,000 yapadera ija, chifukwa zimenezo sizitengera kukula kwa kabati.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachiona. Thabwa lililonse lili ndi nkhope ziwiri, ndipo zonse ndimazipala, kuzikwecha ndi sandipepa mpaka chikhatho chiziterera, ndi kuzipaka vanishi. Popeza nyumba yanu ili ku Senga Bay, kufupi ndi nyanja, sindingalole kusiya m'kati mosapaka kuti mtengo utsike, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyontho mosafanana m'nyengo ya dzinja, limapindika, ndipo zitseko zimayamba kukana kutsekeka.

Maganizo anga ndi akuti tikuze mulifupi kufika pa 120, koma kulowa m'kati kukhalebe 45, pakuti mbale, makapu ndi mapoto apakatikati zimakwana bwino pamenepo, ndipo dzanja limafika kumbuyo mosavuta. Tikatero masikweya mita akhala 8.6, mtengo K516,000, ndipo K90,000 itsala m'manja mwanu.

Chonde mundidziwitse muyeso womwe mwasankha lisanafike Lachisanu, kuti ndikagule matabwa ouma bwino ndi kuyamba kudula Lolemba.

Ine wanu,
Mmisiri wa matabwa