Ndondomeko Yolondera Matenda M'dera Lathu Mvula Isanagwe

Kwa oyang'anira makiliniki, anamwino, a zaukhondo, a ku labotale ndi makomiti a zaumoyo a m'makomboni a dera lathu, muno mu Lusaka
Kuchokera kwa woyang'anira ntchito yolondera matenda m'dera
Iyamba kugwira ntchito Lolemba loyamba la Novembala

Anzanga pa ntchito,

Ndondomekoyi ndailemba dala m'Chinyanja, chifukwa amene amayamba kuona wodwala si ife a mu ofesi ayi. Ndi namwino wa usiku, ndi amayi a m'komiti amene amamva kuti kuseri kwa msika kwagwa maliro awiri sabata imodzi. Ngati iwo sadziwa choti anene, kwa yani, ndi nthawi yanji, mafomu athu onse ndi mapepala chabe.

Tonse tikukumbukira. Kolera inabuka muno mu Okutobala 2017, ikuyambira m'makomboni a Chipata ndi Kanyama, ndipo inatha mu 2018 itadwalitsa anthu oposa 5,000. Inabweranso mu Okutobala 2023. Pofika Januwale 2024 odwala anali kugona m'bwalo la masewera la Heroes, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale, ndipo m'dziko lonse anadwala oposa 20,000, oposa 700 n'kumwalira. Ambiri mwa iwo anafera kunyumba kapena m'njira, asanaone ndi dilipi yomwe.

Nthawi imeneyo ndinapita pa kiliniki ina kukavundukula kaundula wa odwala. Pa tsamba la Lachinayi panali anthu atatu a pulote imodzi, mayi, mwana wake wa zaka 9 ndi mnyamata wa lendi, onse atalembedwa kuti "kutsegula m'mimba". Uthenga unandipeza Lachiwiri la sabata yotsatira. Pakati apo panagwa maliro, anthu anasambitsa mtembo, nadyera limodzi nsima, madzi akutunga pa chitsime chosaya chomwe chija cha pafupi ndi chimbudzi. Namwinoyo sanali waulesi. Anali yekha pa mzere wa anthu ofika mpaka pa geti, ndipo palibe anamuuzapo kuti atatu a nyumba imodzi sadikira lipoti la pa sabata. Kulakwa kunali kwa ife amene sitinamupatse muyezo. Madzi akatayika saoleka, koma masiku 5 ngati amenewo sindifuna kuwatayanso.

Sitikuyamba zatsopano. Maziko ake ndi njira yolondera matenda ndi kuthana nawo ya IDSR imene maiko a mu Afirika anagwirizana pansi pa WHO mu 1998, malamulo a zaumoyo a dziko lonse lapansi a 2005, ndi lamulo lathu la zaumoyo wa anthu, Chaputala 295, limene limatikakamiza kunena matenda ena. Uthenga umachoka m'komboni kupita ku kiliniki, ku ofesi ya boma, ku chigawo, mpaka ku ZNPHI, bungwe lolondera matenda m'dziko lino. Chomwe ndachita n'kuika njirayo m'mapazi athu.

MUYEZO WOZINDIKIRIRA NTHENDA

Muyezo ndi mawu amene tagwirizana kuti wodwala wa maonekedwe akutiakuti timuwerenge kuti ndi woganiziridwa nthenda yakuti. Si wochizira. Dokotala apitirize kuyeza ndi kupereka mankhwala monga mwa nzeru zake. Muyezo ntchito yake ndi yoti wa kiliniki ya kumsika ndi wa kiliniki ya kumalire aziwerenga chinthu chimodzi. Kutsimikiza ndi kwa a labotale, koma kunena sikudikira labotale.

Kolera: mliri usanalengezedwe, ndi munthu aliyense wa zaka 2 kapena kuposa amene akutsegula m'mimba zamadzimadzi, katatu kapena kuposa pa maola 24, ndipo madzi amuthera kwambiri m'thupi, kapena wamwalira nako kutsegulako. Kutha madzi mukudziwa: maso kulowa, khungu ukalitsina losabwerera msanga, kufooka kosatha n'kumwa komwe. Mliri ukangolengezedwa muyezo umatambasuka, aliyense wotsegula zamadzimadzi timamuwerenga, wamkulu kapena khanda. Ena amadandaula kuti potero timakokera mu ukonde ndi amene alibe kolera. Zoona, ndipo n'zadala. Kutumiza chimbudzi cha anthu khumi n'kupeza kuti mmodzi yekha ndiye anali nayo, ine ndimati tagwira ntchito.

Chikuku: kutentha thupi ndi totupa tofiira thupi lonse, pamodzi ndi chimodzi mwa izi, chifuwa, mamina kapena maso ofiira. Tengani magazi. Oganiziridwa 5 pa mwezi umodzi m'dera la kiliniki imodzi tiziti mliri ukununkha. Atatu akatsimikizika ku labotale ndiye kuti wabuka.

Kulobodoka kwa dzidzidzi: mwana aliyense wosafika zaka 15 amene mwendo kapena mkono walefuka mwadzidzidzi n'kumangolendewera, popanda kuvulala. Apa ndi pamene timasakira poliyo, ndipo musaiwale kuti mu Febuluwale 2022 inapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe, kumene basi za kuno zimapita ndi kubwera. Chimbudzi chitengedwe kawiri, motalikirana maola 24 mpaka 48, asanathe masiku 14 chiyambire kulefukako, ndipo chiyende m'bokosi lozizira. Ana ambiri otere sadzakhala ndi poliyo. Timawafunabe. Muyezo wa WHO umayembekezera kuti pa ana 100,000 aliwonse tipeze osachepera awiri pa chaka, ndiye dera limene silipeza ndi mmodzi yemwe ndi loti silikuyang'ana.

Kafumbata wa makanda: khanda loyamwa ndi kulira bwino masiku awiri oyamba, kenako pakati pa tsiku la 3 ndi la 28 n'kuleka kuyamwa, kuuma thupi kapena kukomokakomoka. Imfa ya mayi ali ndi pakati, pobereka, kapena asanathe masiku 42 chitherere pakatipo, nayo imanenedwa tsiku lomwelo. Chimodzimodzi munthu wotentha thupi n'kumatuluka magazi osadziwika chifukwa, wolumidwa ndi galu woganiziridwa chiwewe, ndi wa chilonda chakuda pakati atagwira kapena kudya nyama yofa yokha, monga zinachitikira kum'mwera kwa dziko lino mu 2023.

A m'makomiti, inu sitikusenzetsani zonsezi. Zanu ndi zisanu za pa khadi: wotsegula m'mimba zamadzi ambiri, mwana wa totupa ndi kutentha thupi, mwana wolefuka miyendo, imfa yosamveka, ndi anthu awiri kapena kuposa odwala mofanana pa nyumba imodzi, sukulu imodzi, tchalitchi kapena pa maliro. Mukaona, mupatseni wotsegulayo madzi a moyo, muperekezeni ku kiliniki, ndipo imbani. Mukaimba n'kupezeka kuti sizinali, palibe adzakudzudzuleni. Wina akakukalipirani kuti mwamudzutsa pachabe, mundiuze ine.

MALO A ULONDA

Makiliniki onse amanena matenda onse a pa mndandanda. Koma pali mafunso ena amene sitingayankhe powerenga mitu yokha, monga kuti chimfine chimene chikuyenda ndi cha kachilombo kati, kapena ana otsegula m'mimba akudwala chiyani kwenikweni. Kutenga zoyeza kwa aliyense paliponse sitingathe, labotale ingadzaze sabata imodzi. Ndiye tasankha malo atatu oti azichita mozama, chaka chonse osadumphitsa: chipatala chathu chogonekera, kiliniki ya pafupi ndi msika ndi siteshoni ya minibasi, ndi kiliniki ya kumunsi kumene madzi amadikha mvula ikagwa. Yachitatuyi ena anaikana chifukwa msewu wake umavuta m'dzinja. Ine ndaiumirira, popeza n'kumene kuli zitsime zosaya zambiri, ndipo mlonda saima pomwe pali pouma, amaima pomwe mbala imalowera.

Pa makiliniki awiriwo, odwala 5 oyamba a Lachiwiri lililonse amene thupi latentha madigiri 38 kapena kuposa, akutsokomola, ndipo zinayamba masiku 10 asanathe, atengedwe zoyeza za m'mphuno ndi kukhosi. Oyamba pa mzere, osati amene akukumvetsani chisoni kwambiri, apo ayi chithunzi chipotoka. Ku chipatala chogonekera atenge kwa ogonekedwa ndi zizindikiro zomwezo, komanso chimbudzi cha ana osafika zaka 5 ogonekedwa chifukwa chotsegula m'mimba. Zoyeza za chimfine zipita ku labotale ya tizilombo ku UTH. Malo alionse akhale ndi munthu mmodzi woyankhira ntchitoyi ndi womulowera m'malo akapita ku tchuthi, firiji yokhala ndi buku lolembamo kuzizira kwake m'mawa ndi madzulo, ndi madzi oundana okonzeratu chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi.

Chenjezo limodzi: malo a ulonda amationetsa kumene zinthu zikulowera, sationetsa kuchuluka kwa odwala m'dera lonse. Wina asadzatenge nambala za makiliniki atatu n'kumalengeza kuti ndi za tonse.

NTHAWI

Matenda onse ndatchula pa muyezo aja anenedwe nthawi yomweyo pa foni, ndipo fomu ya wodwalayo ifike asanathe maola 24. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi ali momwemo. Foni ya ntchitoyi ikhala ndi wa zaukhondo amene ali pa dyuti, ndipo ndalama zoimbira zichokera ku ofesi, osati m'thumba la namwino. Dzina la wodwala lilembedwe pa fomu pokha. Pa gulu lathu la pa foni musaike dzina, chithunzi kapena nambala ya pulote. Anthu akamva kuti timawaulutsa, odwala amabisidwa m'nyumba.

Sabata yathu iyamba Lolemba n'kutha Lamlungu. Lipoti lake lindipeze pofika 10 koloko m'mawa Lolemba, kuti lilowe mu DHIS2, kaundula wa zaumoyo wa pa kompyuta, tsiku lomwelo. Ngati simunaone wodwala ndi mmodzi yemwe, lembani 0 n'kutumiza. Bokosi lopanda kanthu silindiuza ngati kuli mtendere kapena ngati fomu inaiwalika m'dilowa. Makiliniki a pulayiveti ali m'ndondomeko yomweyi, ndipo a m'makomiti ayendere ogulitsa mankhwala, asing'anga ndi abusa opempherera odwala, mwaulemu, chifukwa ambiri amayambira kumeneko.

Tizidziyeza pa zinthu ziwiri. Choyamba, pa malipoti 100 alionse oyembekezeka, osachepera 80 afike pa nthawi yake. Chachiwiri ndi 7-1-7: mliri tiuzindikire masiku 7 asanathe chiyambire, tiunene pa tsiku limodzi, ndipo zoyamba zonse zouthana nawo zikhale zitachitika masiku 7 otsatira asanathe. Kwa kolera masiku amenewa ndi ochuluka kale, choncho gulu lathu lizifika pa nyumbapo ndi kilorini, sopo ndi madzi a moyo asanathe maola 24.

Tsono ngongole yanga kwa inu. Amayi ena a m'komiti anandifunsa pa msonkhano kuti, "Abambo, timakuimbirani, koma nanga zimathera kuti?" Ndinasowa chowayankha. Kuyambira tsopano Lachitatu lililonse mulandira tsamba limodzi losonyeza zimene kiliniki iliyonse inanena ndi zimene tachitapo, ndipo zotsatira za ku labotale zizibwerera kwa amene anatumiza tsiku lomwe zandipeza. Ndikalephera masabata awiri otsatizana, kandinenereni kwa mkulu wa zaumoyo m'boma.

Lachisanu lomaliza la Okutobala, 9 koloko m'mawa, tikumana m'chipinda cha misonkhano pa chipatala chogonekera kuti tiyeserere. Mmodzi wa a m'komiti adzaimba ngati wapeza wotsegula m'mimba, ife tidzayang'ana wotchi mpaka fomu ndi bokosi lozizira zitafika. Oyang'anira makiliniki mubwere ndi kaundula wa miyezi itatu yapitayi ndi maina a anthu awiri amene mwasankha.

Ndine mnzanu pa ntchito,
Woyang'anira ntchito yolondera matenda m'dera