Lipoti la Mmene Mijigo Yagwirira Ntchito M'dera Lathu: Meyi mpaka Okutobala 2024

Kupita kwa: Wapampando ndi mamembala a komiti ya chitukuko ya dera
Kuchokera kwa: Mlangizi wa za madzi, mothandizana ndi amakaniki a mijigo atatu
Tsiku: 25 Novembala 2024

Pakati pa 4 ndi 15 Novembala tinayendera mijigo yonse ya m'kaundula wa dera lathu lino la m'boma la Chikwawa. Pa mjigo uliwonse tinkapopa tokha kuti tione ngati madzi akutuluka komanso ngati ndowa ya malita 20 ikudzaza msanga. Kenako tinkawerenga kope la komiti ya pamjigo, n'kufunsa amayi amene tawapeza akutunga. Pamene kope ndi amayi akusiyana pa masiku, tatenga za amayi, poti ndiwo ankayenda mtunda mjigo utafa.

M'kaundula muli mijigo 50, yonse ya mtundu wa Afridev. Iwiri sitinaiwerengere m'manambala ali m'munsiwa chifukwa anthu anaisiya kalekale: wina unakwiririka ndi mchenga pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, wina madzi ake ndi amchere moti ngakhale sopo sachita thovu. Choncho lipotili likunena za mijigo 48, pa masiku 184 kuyambira 1 Meyi mpaka 31 Okutobala.

| Chigawo | Mijigo | Yotulutsa madzi tsiku loyendera | Yawonongeka kangati | Masiku osatulutsa madzi | Masiku odikira pa kuwonongeka kumodzi |
|---|---|---|---|---|---|
| Kumsika | 14 | 13 | 31 | 93 | 3 |
| Kudambo | 13 | 10 | 18 | 252 | 14 |
| Kumtunda | 12 | 8 | 11 | 418 | 38 |
| Kutsidya | 9 | 6 | 7 | 371 | 53 |
| Zonse pamodzi | 48 | 37 | 67 | 1,134 | pafupifupi 17 |

Mijigo 37 mwa 48 tinaipeza ikugwira ntchito. Koma nambala imeneyi isatisangalatse kwambiri, chifukwa ikungonena za tsiku limodzi lomwe tinafikapo. Wapampando, chonde yang'anitsitsani mizere iwiri, wa Kumsika ndi wa Kutsidya. Kumene mijigo imafa kawirikawiri si kumene anthu akusowa madzi masiku ambiri.

Kumsika

Kuno mijigo yawonongeka ka 31, kuposa kwina kulikonse, ndipo n'zosadabwitsa. Mlingo wa boma ndi woti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, koma pa wa kuseri kwa chigayo pokha tinawerenga mabanja 118 olembedwa, osaphatikiza ogulitsa m'malesitilanti ndi oumba njerwa. Umayamba kulira 4 koloko mbandakucha mpaka usiku. Zomwe zimatha ndi zazing'ono zomwe zija: labala wa pa pulanja, mabushi a pa chogwirira, bobini. Mabushi akatha chogwirira chimayamba kugwedera uku ndi uku, ndipo amayi amadziwa okha kuti ayitane makaniki.

Chomwe chikuwapulumutsa n'choti banja lililonse limasonkha K500 pamwezi, makomiti 11 mwa 14 ali ndi ndalama m'thumba, ndipo msewu wa phula uli pafupi. Munthu amanyamuka m'mawa kukagula masipeyala ku Nchalo, madzulo madzi akutuluka. Msungichuma wina anationetsa chitini cha mkaka momwe amasungamo malabala awiri ndi mabushi anayi ogulira tsogolo. Mjigo wawo wafa kanayi, koma masiku onse osatunga ndi asanu okha.

Kudambo

Vuto la kuno ndi mchere ndi mchenga. Mchenga ukudya malabala msanga, ndipo pa mijigo itatu tinatulutsa marodi a dzimbiri, amodzi atadukiratu. Masiku 14 odikira ndi ochuluka, komabe anthu akuyesetsa. Mijigo itatu imene tinaipeza yakufa yonse ikudikira marodi, omwe mtengo wake unakwera kwambiri kuchokera pomwe ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu mu Novembala 2023.

Kumtunda

Mwa mijigo inayi yosatulutsa madzi, iwiri pampu yake ilibe vuto: madzi ndiwo atsika pansi. Mvula ya chaka chino inavuta, ndipo kuyambira Seputembala mijigo imeneyi inkatulutsa ndowa zochepa m'mawa basi, kenako n'kuumiratu. Taiwerengera pamodzi ndi yowonongeka chifukwa kwa mayi wobwerera ndi ndowa yopanda kanthu palibe kusiyana. Pa umodzi pali mpata wowonjezera mapaipi awiri. Winawo wafika kale pa mamita 45, pomwe Afridev imalekezera kukoka bwino, ndiye kuwonjezera paipi n'kungothyola msana wa opopa.

Iwiri inayo ndi nkhani ya ndalama. Anthu sanakolole, ndipo chopereka cha pamjigo chinaima mu Juni. Sitikuwanena kuti ndi osasamala ayi. Banja likusankha pakati pa K500 ya mjigo ndi ufa wa tsiku limenelo.

Kutsidya

Apa ndi pamene pakufunika maso a komiti ino. Mijigo yawonongeka kasanu ndi kawiri kokha, koma ukangofa, anthu amadikira pafupifupi miyezi iwiri. Chigawochi chilibe makaniki wakewake. Amene amathandiza amachokera Kumsika, ndipo ulendo wa kabaza wa njinga yamoto, kupita ndi kubwera, umadya ndalama zoposa mtengo wa sipeyala imene ikufunikayo.

Mjigo wa pafupi ndi tchalitchi unaima pa 9 Ogasiti. Titafika pa 12 Novembala unali udakali chomwecho, chogwirira chitamangidwa ndi chingwe, mbuzi zitagona pa simenti. Makaniki wathu anamasula, natulutsa marodi, n'kupeza kuti ndi labala wa pa pulanja yekha amene anang'ambika. Anali nawo m'chikwama. Pasanathe ola limodzi madzi anali akutuluka. Masiku 84 a m'nyengo ya lipotili, ndi enanso 11 a mu Novembala, mabanja 60 ankamwa madzi a m'zitsime zokumba mumchenga wa mumtsinje. Agogo ena amene anaima pambali anangoti, "Kanthu kakang'ono komweka, ana anga?" Komiti ya pamenepo inaphunzitsidwa mjigo ukukumbidwa, koma mwa anthu khumi aja atsala atatu, ndipo sipanala ya mjigo inapita ndi mlembi amene anasamukira ku Mozambiki.

Mvula yayandikira. Mtsinje ukadzaza, Kutsidya sikufikika, ndipo zitsime za mumchenga zija zimasanduka matope. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023.

Zomwe tikupempha komiti kuti ivomereze

Choyamba, pasankhidwe anthu awiri okhala Kutsidya komweko, mmodzi akhale mayi, kuti aphunzitsidwe umakaniki wa mijigo Disembala asanathe. Amakaniki athu avomera kuwaphunzitsa masiku asanu ngati papezeka chakudya ndi mayendedwe.

Chachiwiri, tikambirane ndi mwini golosale mmodzi Kutsidya ndi wina Kumtunda kuti azisunga malabala, mabushi ndi mabobini. Sizidya malo, zimakwana m'katoni ya sopo.

Makomiti 17 amene alibe kope kapena anasiya kulemba ayenera kuyambiranso, ndipo tipempha mafumu kuti aitanitse misonkhano yodzaza mipando ya amene anachoka. Za mjigo wouma wa Kumtunda umene wafika pa mamita 45 ndi iwiri yosiyidwa ija, izi zaposa mphamvu za mudzi. Tikupempha kuti zilowe m'ndondomeko ya chitukuko yopita ku khonsolo.

Mwa mijigo 11 imene tinaipeza yakufa, itatu tinaikonza tili pomwepo. Yatsala 8. Tidzayenderanso Kutsidya ndi Kumtunda pa 9 ndi 10 Disembala, ngati mtsinje udzakhale ukuwolokeka.