Kubweza malekodi a malonda amene afufutika mu sipuredishiti

Malangizowa ndi a inu amene muli ndi bizinesi yaing'ono kuno ku Johannesburg, monga shopu ya telala ku Jeppestown kapena golosale ku Mayfair, ndipo mwatsegula fayilo yanu ya Excel kapena Google Sheets n'kupeza kuti malonda onse a mwezi wa Malichi palibe. Choyamba, lekani kulemba chilichonse m'fayiloyo, ndipo muuzenso amene amakuthandizani pakauntala kuti malonda a lero ayambe walemba m'kabuku.

Kawirikawiri mizere imakhala kuti yangobisika. Yang'anani manambala a mizere kumanzere: ngati akudumpha kuchoka pa 212 kufika pa 340, mizereyo ilipo ndithu, ndipo mu Excel mungaionetse posankha Data kenako Clear, kapena posankha mizere ya mbali zonse ziwiri, kudina batani lakumanja la mbewa ndi kusankha Unhide. Koma ngati manambala akutsatana bwinobwino pamene chiwerengero cha ndalama chatsika, kapena penapake palembedwa #REF!, ndiye kuti yafufutikadi.

Ngati fayilo simunaitseke chifufutireni, dinani Ctrl+Z mobwerezabwereza mpaka mizereyo itabwerera. Njira imeneyi sigwira ntchito mu Excel ngati chimene chachotsedwa ndi tsamba lathunthu. Zikatero tsekani fayiloyo n'kusankha Don't Save, malinga ngati AutoSave siinali yoyatsa, chifukwa ikakhala yoyatsa imakhala itasunga kale kusinthako.

Thandizo lalikulu lili m'makope akale a fayilo. Mu Google Sheets pitani pa File, kenako Version history, kenako See version history, ndipo mudzaona mndandanda wa masiku ndi nthawi, pamodzi ndi dzina la amene anasintha. Mu Excel, fayilo ikakhala yosungidwa pa OneDrive, njira yake ndi File, Info, Version History. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma, chifukwa akangoona kope limene lili ndi malonda a Malichi amathamangira kudina Restore, osaganizira kuti potero fayilo yonse ibwerera mmene inalili tsiku limenelo. Tiyerekeze kuti mizere inafufutika pa 3 Epulo koma inu mwazindikira pa 17: mukabweza kope la pa 2, malonda a masabata awiri amene mwalemba pambuyo pake achoka pa tsamba, ndipo muyambanso ntchito yowafunafuna. Chanzeru ndi kutsegula kope lakalelo palokha (mu Google Sheets sankhani Make a copy), kukopera mizere yokhayo imene ikusowa, ndi kuiika m'fayilo ya lero pamalo pake potsata madeti. Musanaike kanthu, sungani kaye kope lina la fayilo ya lero pansi pa dzina lina, kuti mukalakwitsa mukhale ndi pobwerera.

Fayilo yonse ikasowa, yang'anani mu Recycle Bin ya pakompyuta. Google Drive imasunga mafayilo otayidwa kwa masiku 30, chimodzimodzinso OneDrive ya munthu payekha, choncho musazengereze. Ngati magetsi anathima musanasunge, tsegulaninso Excel n'kuona ngati kumanzere kwatuluka Document Recovery, popeza pulogalamuyi imasunga yokha kope lopulumutsira mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe makonzedwe ake. Fayilo imene inali pa fulashi siipita mu Recycle Bin. Musaikenso chilichonse pa fulashiyo, ndipo muipereke kwa katswiri wa makompyuta. Musaiwalenso kuti mwina munatumizapo kope kwa akauntanti wanu pa imelo kapena pa WhatsApp kumapeto a mwezi.

Zonsezi zikakanika, malekodi angalembedwenso kuchokera ku maumboni ena: sitetimenti ya kubanki, lipoti la makina a khadi, makope a m'buku la malisiti, ndi mauthenga a makasitomala. Ndalama za pamanja ndi ngongole za abale athu amene amatenga katundu kuti adzalipira akalandira ndizo zimavuta kwambiri, ndipo pamenepa musalembe nambala ya m'mutu ngati kuti ndi yotsimikizika. Ikani danga lina pambali lolembamo kumene nambala iliyonse yachokera, ndipo yongoyerekeza muilembe kuti ndi yongoyerekeza. Izi n'zofunika chifukwa lamulo la Tax Administration Act la 2011 limafuna kuti okhoma msonkho asunge malekodi awo kwa zaka 5, ndipo a SARS akafunsa amafuna umboni.

Mukamaliza, onkhetsani malonda a mwezi wonsewo n'kuyerekeza ndi ndalama zimene zinalowa kubanki. Onaninso fomula yoonkhetsera, chifukwa mizere yobwezedwa nthawi zina imagwera kunja kwake. Ngati ndalama za malonda zili m'danga la D, kuyambira pa mzere 2 mpaka pa mzere 410, fomula ikhale yotere:

```
=SUM(D2:D410)
```

Pomaliza onetsetsani kuti palibe risiti imene yalembedwa kawiri, makamaka ya masiku a kumayambiriro ndi kumapeto kwa chigawo chimene mwabwezacho.