Kalata kwa a Manijala: reti imene munadulira ndalama zanga si imene tinagwirizana

Msika wa Kamwala
Lusaka

28 Okutobala 2024

A Manijala
Nthambi ya pa msewu wa Cairo
Lusaka

Bambo Manijala,

DANDAULO PA RETI YA DOLA PA NDALAMA ZIMENE NDINATUMIZA KU DAR ES SALAAM

Ndikupereka moni kwa inu ndi onse ogwira ntchito pa nthambi yanu. Ine ndine Esinala Phiri, ndimagulitsa zitenje ku Kamwala, ndipo akaunti yanga ya bizinesi, imene nambala yake imathera ndi 4417, ndinatsegula kwa inu mu 2016. Ndalemba kalatayi chifukwa ndabwera kawiri ku nthambi kudzafuna kulankhula nanu, koma maulendo onse awiri ndauzidwa kuti muli pa msonkhano. Nkhani yake ndi ya K2,080 imene inachoka mu akaunti yanga popanda ine kuvomera, ndipo ndikupempha kuti ibwezedwe.

Lachiwiri pa 15 Okutobala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinabwera kudzatumiza madola 3,200 kwa bambo amene ndimaodako zitenje ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Pa bolodi lanu la pakhomo reti yogulitsira dola inali K26.70. Popeza ndalamazo zinali zambirirapo, ndinapempha mlongo wa pa desiki la ndalama zakunja kuti andifunsireko reti yabwinopo, monga momwe ndakhala ndikuchitira kale. Anaimba foni ku likulu lanu ine ndili pompo, anadikira pang'ono, kenaka anandiuza kuti andipatsa K26.55. Ndinavomera. Iye analemba 26.55 ndi dzanja lake pamwamba pa fomu, anawerengetsa pa kakyuleta kuti zikwana K84,960, nawonjezerapo K450 yolipirira kutumiza. Ndinasaina, iye anamenya chidindo cha banki chokhala ndi deti la 15 Okutobala, nandipatsa pepala langa. Pepalalo ndili nalo, ndipo kope lake ndaphatika ku kalata ino.

Tsiku limenelo mu akaunti munali K88,300. Ndalama zinali zokwana, mapepala a oda anali pa tebulo, nambala yanga ya msonkho inali pa fomu. Palibe chimene anandiuza kuti chikusowa. Ndinafunsa kuti ndalama zichoka liti, iye anati lomwelo kapena mawa lake.

Lachitatu ndi Lachinayi panalibe chochitika. Wogulitsa wa ku Dar anandiimbira Lachinayi madzulo kuti sakuona kanthu, ndipo mabelo anga akhoza kupatsa munthu wina. Lachisanu pa 18 linali tchuthi cha mapemphero a dziko lonse, banki inali yotseka. Lolemba pa 21 Okutobala masana ndi pamene meseji inalowa pa foni yanga kuti mwadula K87,040, ndi ina yachiwiri ya K450. Ndinakhala pansi pa belo ndi kuwerengetsa kangapo konse, poganiza kuti mwina maso akundinamiza. Mukagawa K87,040 ndi madola 3,200 mupeza K27.20 pa dola imodzi. Reti imeneyo palibe anandiuzapo, pakamwa kapena papepala.

Lachiwiri m'mawa ndinabwera kudzafunsa. Mlongo uja anandiuza kuti fomu yanga inachedwa ku likulu, ndipo reti ya 26.55 inali ya tsiku limodzi lokha, ndiye makina anatenga reti ya tsiku limene ndalama zinachoka. Sindikumuimba mlandu mwana wa eni ake, anandilandira mwaulemu ndipo zinaoneka kuti naye zamudabwitsa. Koma yankho limenelo silinandikhutiritse, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake.

Ngati reti inali ya tsiku limodzi, ine mbali yanga ndinaikwaniritsa tsiku limodzi lomwelo. Ndinasaina pa 15, ndalama zinali mu akaunti pa 15, chidindo chanu chikunena 15. Kuchokera pamene ndinasiya fomu pa desiki, sindinaigwirenso. Masiku amene inagona m'manja mwa banki, Lachitatu ndi Lachinayi anali masiku a ntchito, ndipo palibe anandiimbira kuti pali vuto. Nanga ndilipire bwanji kuchedwa kumene sindinachite ine? Ku Kamwala kuno kasitomala akabwera Lachiwiri, tagwirizana mtengo, walipira, nkunena kuti katundu adzatenga Lolemba, sindingamuuze Lolembalo kuti awonjezere ndalama chifukwa dola yakwera. Nditachita zimenezo, msika wonse ungamve dzuwa lisanalowe, ndipo sangabwerenso.

Komanso ngakhale titanena kuti reti ya pa 15 inafa, panafunika munthu andifunse musanadule. Nambala yanga ya foni muli nayo, ndi yomweyo imene mumatumizira mameseji a ngongole mwezi uliwonse. Ndikanauzidwa kuti dola tsopano ili pa K27.20, ndikanasankha ndekha: kudikira tsiku lina, kuchepetsa oda, kapena kukafunsa kwina. Zimene ndinasainira ndi K84,960. Sindinapereke chilolezo choti banki itenge ndalama iliyonse imene makina angawerengetse tsiku limene afuna.

Pali chinanso chimene chandisowetsa tulo kuposa zonsezi. Mnzanga amene timayandikana masitolo anali mu nthambi yanu Lolemba lomwelo pa 21, kudzagula madola a ulendo wake wa ku Nakonde, ndipo risiti yake ikusonyeza K26.85, yomwe akuti ndi imene inali pa bolodi. Wandilola kuti ndikuonetseni risitiyo ngati mufuna. Ndiye K27.20 inachokera kuti? Munthu wongolowa kuchokera mumsewu ndi ndalama m'thumba anagula dola pa 26.85, pamene ine wa akaunti ya zaka zisanu ndi zitatu ndinagulitsidwa dola yomweyo pa 27.20, tsiku limodzi, nyumba imodzi. Mukatenga reti ya pa bolodi ya tsikulo, madola 3,200 akanakhala K85,920. Kutanthauza kuti ngakhale pa mawu a banki yanu yomwe, pali K1,120 imene ilibe chifukwa chilichonse. K960 yotsalayo ndiye ya kuchedwa kuja. Zonse pamodzi ndi K2,080.

Ndikudziwa bwino kuti kwacha imakwera ndi kutsika, ndipo banki imagula dola pa mtengo wina nkugulitsa pa wina, pakatipo ndi pamene imadyera. Zimenezo sinditsutsa, nanenso ndimadyera pakati pa mtengo wa ku Kariakoo ndi wa ku Kamwala. M'mawa uliwonse ndisanatsegule chitseko ndimayamba ndaona reti imene Banki Yaikulu ya dziko lathu yalengeza, chifukwa mtengo wa chitenje chilichonse pa shelefu umatsatira dola. K450 yotumizira sindikuitsutsa, ndinaidziwa ndisanasaine. Ngati banki za pakati pa njira zadulako kenakake ndalama zisanafike ku Tanzania, zimenezonso ndi nkhani ya ine ndi wogulitsa wanga. Chimene ndikukana ndi kusintha mtengo titagwirizana kale, mwakachetechete.

Mwina pa mabuku anu K2,080 ndi ndalama yaing'ono. Ine pa chitenje chimodzi ndimapeza phindu la K20 zikayenda bwino. Kuti ndibweze K2,080 ndiyenera kugulitsa zitenje 104 osadyapo kanthu, ndipo chaka chino, ndi chilala chimenechi ndi magetsi ozimazima, anthu akuyamba aganiza za ufa asanaganize za chitenje. Atelala amene amagula kwa ine zitenje zambiri akusoka pang'ono chifukwa makina awo amakhala chete pafupifupi tsiku lonse. Gawo lina la ndalama zija linali la chilimba chathu cha amayi khumi, mwezi uno unali wanga wolandira, ndipo ndinaziika zonse pa oda imeneyi poyembekeza malonda a maukwati ndi a Khirisimasi. Ndinawerengera kuti mu akaunti mutsala K2,890, yoti ndiyambire kulipira onyamula katundu kuchokera pa malire a Nakonde. Munatsala K810. Ndinachita kukabwereka kwa mlamu wanga kuti mabelo asagone pa malire, ndipo pang'ono pokha ndikanapita kwa a kaloba, chinthu chimene ndakhala ndikuchipewa moyo wanga wonse wa malonda. Za zitenje za mtundu wa mbendera zimene ndinafuna kugulitsa pa chikondwerero cha ufulu pa 24 sindikunenanso, zinafika tsikulo litapita.

Zimene ndikupempha ndi izi, Bambo Manijala. Mubweze K2,080 mu akaunti yanga, kuti ndalama zimene ndinatumiza ziwerengedwe pa K26.55 monga zalembedwa pa fomu. Mundilembere kalata yofotokoza tsiku ndi nthawi imene fomu yanga inachoka pa nthambi, imene inafika ku likulu, ndi chimene chinaichedwetsa mpaka pa 21. M'kalata yomweyo mundiuze kumene reti ya K27.20 inatengedwa, popeza siinali pa bolodi. Ndikupemphanso kope la MT103, pepala la umboni wa kutumizidwa kwa ndalama zimenezi, kuti ndione ndi maso anga deti limene zinatumizidwa pa SWIFT, njira imene mabanki amatumizirana ndalama kunja kwa dziko. Foni imene mlongo uja anaimba ku likulu pa 15 Okutobala iyenera kuti inalembedwa penapake, chonde muifufuze, idzakuuzani zomwe ndikunenazi.

Dandaulo lino mulilembe m'buku lanu la madandaulo ndipo mundipatse nambala yake. Ndidikira yankho lolembedwa mpaka Lolemba pa 11 Novembala 2024. Tsikulo likadutsa ndisanamve kanthu, nditenga mapepala onsewa kupita nawo ku Banki Yaikulu, imene imayang'anira mabanki onse m'dziko muno, komanso ku bungwe la boma loteteza ogula. Sindikufuna kuti zifike kumeneko. Ndakhala ndi banki yanu kuyambira pamene ndinali ndi tebulo limodzi lokha panja pa sitolo ya munthu wina, ndipo mu Januwale ndili ndi oda ina imene ndikufuna kutumiza kudzera kwa inu, koma ndiyenera kudziwa kuti nambala imene yalembedwa pa fomu ndi imene idzadulidwe.

Pamodzi ndi kalatayi ndaika kope la fomu ya chidindo cha pa 15 Okutobala, sitetimenti ya akaunti kuyambira pa 14 mpaka pa 22, pepala la oda la wogulitsa wa ku Kariakoo, ndi chithunzi cha mameseji awiri a pa 21. Mapepala enieni ndasunga, ndidzabwera nawo tsiku limene mungandiitane. Ndimapezeka pa sitolo kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, koma mukandipatsa nthawi ndidzasiyira mwana wanga sitolo nkubwera.

Zikomo kwambiri powerenga.

Ine wanu,

Esinala Phiri (Mayi)
Mwini akaunti yothera ndi 4417